ZA CHIFUWA CHOKOKA MTIMA MWA MAKANDA

Abale, nthenda iyi idza ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, timene tiuluka ndi timalovu pamene wodwala atsokomola. Munthu akatipuma, apita masiku 7 kufikira 10 asanamve kanthu. Pamenepo ayamba ngati chimfine chabe: mamina, kutsokomola pang'ono, thupi losatentha kwambiri. Atero sabata imodzi kapena awiri, ndipo m'masiku amenewa ndimo apatsira anzache koposa, poti palibe amuopa.

Pambuyo pache chifuwa chisanduka. Mwana atsokomola motsatizana kawirikawiri osapuma pakati, maso atuluka misozi, ndipo potsiriza akoka mpweya ndi kulira konga kwa tambala, nasanza. Chikapita chifuwacho akhala ngati wolama, kufikira chibweranso, makamaka usiku. Chikhoza kukhalitsa miyezi iwiri kapena itatu.

Koma zindikirani ichi: khanda la masabata owerengeka kawirikawiri silikoka mtima ai, pakuti lilibe mphamvu. Ena satsokomola nkomwe. Mwana angoleka kupuma kanthawi, milomo ndi lilime zithimbirira, alefuka, nalephera kuyamwa. Mukaona chotere musadikire kumva kulira kuja. Mukam'pereke kuchipatala nthawi yomweyo, ungakhale usiku.

Nanga khanda losatuluka m'nyumba liitenga kuti nthendayi? Kwa iwo oliyangata. Kuno ku Malawi mwana alandira katemera wa nthendayi katatu: ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Asanafike masabata 6 sanalandire ndi kamodzi komwe, ndipo chitetezo chikhwima atatsiriza katatu konse. Tsono mphamvu ya katemera icheperachepera popita zaka, kotero kuti wamkulu akhoza kudwalanso. Koma kwa iye chingokhala chifuwa chosamva kutha, chopanda kukoka mtima.

Tiyese chitsanzo. Mwana atuluka m'chikuta ali ndi sabata imodzi. Agogo ache, amene atsokomola masiku 10, am'landira nam'sambitsa. Pofika masabata awiri ndi theka mwana ayamba mamina. Pofika masabata anai aleka kupuma usiku, tsiku la katemera likali kutali. Agogowo akadapita kuchipatala, akadapimidwa, ndipo akadamwa mankhwala opha tizirombo, pakutha masiku 5 sakadapatsiranso munthu. Wosamwa mankhwala apatsira monga masabata atatu chiyambire kutsokomola.

Chifukwa chache wotsokomola ali yense asayangate khanda, kapena kugona nalo nyumba imodzi, asanaonedwe ndi a chipatala. Amai ache a mwana akatsokomola, asaleke kuyamwitsa, koma aphimbe mphuno ndi pakamwa, asambe m'manja, nafunefune mankhwala msanga. Akulu ache a khandalo atsirize katemera wao. Nthenda ikapezeka pabanja, funsani ngati onse a m'nyumbamo ayenera kumwa mankhwala.

Dziwaninso kuti jekeseni ya kafumbata imene amai apakati alandira kuno siletsa chifuwa ichi. Ku Britain, kuyambira 2012, amai apakati alandira katemera wa chifuwachi kuti mwana abadwe ndi chitetezo. Kumene kulibe mwambo umenewu, linga la khanda ndiwo anthu olizinga.