Sikelo ndi Msinkhu: Mwana Sapimidwa Ngati Munthu Wamkulu

Namwino akamakupimani pa sikelo, amayezanso msinkhu wanu kuti apeze nambala yotchedwa BMI. Amachulukitsa msinkhu ndi msinkhu womwewo, kenako n'kugawa kulemera kwa thupi ndi yankho limene wapeza.

Taganizirani za mnyamata wa zaka 10 wolemera makilogalamu 28, wotalika mamita 1.3. Tikachulukitsa 1.3 ndi 1.3 tipeza 1.69, ndipo tikagawa 28 ndi 1.69 tipeza 16.6. Akanakhala munthu wamkulu tikanati ndi woonda, pakuti malire a akuluakulu sasintha: pansi pa 18.5 ndi kuonda, kuyambira pa 25 ndi kunenepa. Koma mnyamatayu ali bwinobwino.

Thupi la mwana limasintha chaka ndi chaka. N'chifukwa chake mu 2007 Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse linakonza matchati a ana a zaka 5 mpaka 19, anyamata awoawo, atsikananso awoawo. Pa tchati, mwana amayerekezedwa ndi ana a zaka zake, ndipo nambala ya z imasonyeza kutalikirana kwake ndi mzere wapakati, umene ndi 0. Mnyamata uja ali pafupi kwambiri ndi 0. Mwana akapitirira +1 ndiye kuti wanenepa, akapitirira +2 wanenepa kwambiri, ndipo akatsika pansi pa -2 waonda.

Namwino amafunsanso tsiku lobadwa, chifukwa zaka zikalakwika, mwana amapimidwa pa malo olakwika pa tchati.

Funso: Mtsikana wolemera makilogalamu 24 ndi wotalika mamita 1.2. Pezani BMI yake. Kodi namwino ayenera kudziwanso chiyani asanayang'ane pa tchati?