Kusiyana kwa Bajeti ndi Zotsatira: Kodi Kuchepa kwa Ndalama Zogwiritsa Ntchito Ndi Phindu?

Funso: Ndine msungichuma wa kopaletivu ya alimi ku Vubwi. Pa bajeti tinaika matumba 100 a feteleza pa K1,000 lililonse, koma tawononga K99,000 yokha. Kodi tinganene kuti tapulumutsa K1,000?

Yankho: Bambo msungichuma, musafulumire kusangalala. Kusiyana kumakhala kokomera pamene ndalama zotuluka zachepa kapena zolowa zachuluka poyerekeza ndi bajeti, ndipo kumakhala koipira zikatembenuka. K1,000 yanuyo ndi yokomera, koma igaweni pawiri: mtengo ndi kuchuluka.

Tiyerekeze kuti malisiti akuonetsa matumba 90 pa K1,100 lililonse. Pa mtengo, thumba lililonse lakwera ndi K100, ndipo pa matumba 90 imeneyi ndi K9,000 yoipira. Pa kuchuluka, matumba 10 amene simunagule, pa mtengo wa bajeti wa K1,000, akupereka K10,000 yokomera. Kuchotsera ziwirizi kukutsala K1,000 ija.

Tsopano funsani za munda. Ngati bajeti inali ya mahekitala 25 pa matumba anayi hekitala iliyonse, koma mwalima mahekitala 20 okha, munayenera kuthira matumba 80. Pamenepo mwapyola ndi matumba 10, ndiye kuti K10,000 yoipira. Kuphatikiza ndi ya mtengo, mwataya K19,000.

Choncho yambani mwasintha bajeti kuti igwirizane ndi mahekitala enieni. Kenaka fufuzani chifukwa: mtengo ungakwere pogula mochedwa kapena polipira thiransipoti kuchokera ku Chipata, pomwe matumba opyolawo angaloze ku kuthira mosayeza kapena kusowa kwa katundu m'nkhokwe.