Tchaja ikulowa koma batire silikudzadza: zoyenera kulemba pa katundu wamagetsi

Amalonda ambiri a ku Chibanja amene amagulitsa matchaja, zingwe ndi mafoni amalengeza katundu wawo ndi mawu ochepa. Pa WhatsApp amaika chithunzi n'kulemba kuti "tchaja ya laputopu ilipo, orijino, mtengo tikambirana". Wogula, amene mwina ndi wophunzira wa ku yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga, amabwera, amayang'ana kamutu ka tchajayo, n'kuona kuti kakufanana ndi ka tchaja yake yomwe yapsa. Amalipira n'kumapita. Mawa lake amabwerera ali wokwiya, ndipo mkangano wake umakhala wovuta kuuweruza chifukwa tchajayo ndi yamoyo ndithu, kungoti si ya makina ake. Palibe amene wanama, komanso palibe chimene chinalembedwa.

Vutoli limaoneka bwino pa matchaja a HP ndi a Dell, omwe ndi ochuluka pa malaputopu akaunjika. Makampani awiriwa amagwiritsa ntchito timitu tofanana kukula kwake. Pali kamutu kakakulu ka mamilimita 7.4, komwe kamapezeka pa makina akale monga HP EliteBook 8470p ndi Dell Latitude E7450, ndipo pali kakang'ono ka mamilimita 4.5, komwe pa HP kamakhala ndi mlomo wabuluu, monga pa EliteBook 840 G3. Apa pali kale msampha woyamba: makina awiri onse olembedwa kuti EliteBook safuna tchaja imodzi. Choncho wogula akangonena kuti "yanga ndi HP", sananene chilichonse chothandiza.

Msampha wachiwiri ndiwo umapweteka kwambiri. Tchaja ya HP ya kamutu kakakulu imalowa bwinobwino mu Dell Latitude E7450, ndipo nthawi zambiri laputopu imayaka. Koma pakati pa kamutuko pali kasingano kakang'ono, ndipo pa Dell kasinganoko ndi komwe tchaja imadzera pouza makina kuti ndi ya mtundu wanji komanso ili ndi mphamvu yochuluka bwanji. Tchaja ya HP siipereka uthenga umene Dell ikuyembekezera. Zikatero laputopu imakana kudzadza batire, ndipo imayamba kugwira ntchito mwaulesi. Poyatsa pamatuluka uthenga wonena za tchaja wokhala ndi mawu akuti `cannot be determined`. Wogula amaona kuti makina akuyaka ali pa soketi, amakhutira, koma magetsi a Escom akangothima nayonso laputopu imathima. Zomwezi zimachitika ngakhale ndi tchaja yeniyeni ya Dell ngati kasingano kaja kapindika kapena kathyoka.

Kuyesa kwake sikudya mphindi zisanu. Wogulitsa apemphe wogula kubwera ndi laputopu, alumikize tchaja, ndipo poyatsa Dell adine batani la `F2`. Patsamba lotuluka, pa gawo lonena za batire, pali mzere wa `AC Adapter`. Ukaonetsa `65W` kapena `90W`, ndiye kuti makina aizindikira tchajayo. Ukaonetsa `Unknown`, tchajayo isagulitsidwe kwa munthu ameneyo, ngakhale iye mwini akukakamira chifukwa cha changu. Pa makina a mtundu wina uliwonse, chofunika n'kudikira mpaka nambala ya batire ikwere, osangoona kuti kanyali kayaka.

Ngati wogula sanabwere ndi makina, mwina ali ku Ekwendeni kapena ku Nkhata Bay ndipo katundu atumizidwa pa minibasi, pepala lomatidwa kunsi kwa laputopu ndi lomwe limalankhula. Alijambule n'kutumiza. Pamakhala modelo yonse komanso magetsi amene makinawo amafuna. Manambalawo ayerekezedwe ndi amene ali pa tchaja pa mzere wa `OUTPUT`, osati wa `INPUT`. Mzere wa `INPUT` umangonena za magetsi a pakhoma, ndipo pafupifupi matchaja onse a laputopu amalandira kuyambira mavoliti 100 mpaka 240, kotero magetsi a kuno a mavoliti 230 sawavuta.

Pa `OUTPUT` pali manambala awiri. Yokhala ndi V ndi mavoliti, ndipo iyenera kufanana ndi ya pa laputopu. Yokhala ndi A ndi maampu, ndipo iyi ikhoza kukhala yofanana kapena yoposa, koma isachepe. Kuchulukitsa ziwirizi kumapereka mawati:

```
19.5V x 3.33A = 65W
19.5V x 4.62A = 90W
```

Anthu ambiri amaopa kuti tchaja ya mawati 90 iwotcha makina ofuna 65. Siingawotche, chifukwa laputopu imakoka mphamvu imene ikufuna basi. Choopsa ndi kugulitsa ya 45 kwa munthu amene makina ake amafuna 65. Imeneyo imatentha, imadzadza batire mochedwa kwambiri, ndipo imatha kufa msanga, wogulitsa n'kutchedwa wakuba pa katundu yemwe analibe vuto. Wamalonda wodziwa zimenezi amagulitsanso mosavuta tchaja za 90 zimene ena amangozisunga m'katoni.

Nkhani ya zingwe imaoneka yaing'ono mpaka itadya phindu. Tchaja ya laputopu ili ndi mbali ziwiri: kabokosi kokhala ndi chingwe chopita ku makina, ndi chingwe china chochoka pakhoma. Ogulitsa pikulitsa ena amagulitsa kabokosi kokha. Ngati chithunzi cha pa WhatsApp chikuonetsa zonse ziwiri koma mtengo ndi wa kabokosi kokha, wogula ali ndi chifukwa chodandaulira. Chingwe cha pakhomacho nachonso chili mitundu: china chili ndi mabowo atatu kumene chimalowa m'kabokosi, china awiri ngati cha wailesi. Kenaka pali pulagi. Masoketi a m'Malawi ndi a mano atatu a makona. Katundu woodedwa ku Joni kawirikawiri amabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira kapena ya mano awiri, ndipo ya mano awiriyo ndi ija anthu amaikakamiza mu soketi potokosa ndi kamtengo kapena chivindikiro cha cholembera. Imagwedera, imathetheka, ndipo tsiku lina imapsereza soketi ya lendilodi. Kunena mtundu wa pulagi polengeza n'kothandiza, ndipo ngati pakufunika adaputa, mtengo wake unenedweretu.

Pa mafoni mfundo yake ndi yomweyo. Kuyambira mu 2020 Apple inasiya kuika mutu wa tchaja m'bokosi la iPhone, ndipo Samsung inachitanso chimodzimodzi pa Galaxy S21 mu 2021. Wogula amene anazolowera Itel kapena Tecno, zomwe kawirikawiri zimabwera ndi tchaja, akatsegula bokosi n'kupeza chingwe chokha amaganiza kuti wogulitsa wasolola. Komanso iPhone 15 ya mu 2023 imalowa Type-C pamene zambiri zam'mbuyo mwake zimalowa Lightning, kotero mawu akuti "chingwe cha iPhone" pawokha sakukwaniranso.

Mawu akuti waranti ndiwo amatchulidwa mopepuka kwambiri pa malonda amenewa. "Ili ndi waranti" ndi lonjezo lopanda malire, ndipo wogula amalimva mmene akufunira. Waranti ya kampani yopanga katundu ndi yosiyana ndi ya mwini shopu. Laputopu yakaunjika ndi tchaja yochokera m'katoni ya ku Kariakoo kawirikawiri sizikhala ndi kampani yokadandaulako ku Mzuzu, choncho amene akulonjeza ndi wogulitsayo, ndipo ndalama zake ndi zomwe zidzalipire. Achinene poyera chimenechi. Anenenso masiku ake ndi tsiku loyambira, zimene adzachite katundu akafa (kusintha, kukonza kapena kubweza ndalama), ndi zimene sizikulowamo, monga chingwe chodulidwa ndi makoswe, madzi, kapena kabokosi kotsegulidwa ndi wokonza wina.

Masikuwo asatchulidwe pongofuna kukopa. Ngati kopikula amasintha katundu wakufa pasanathe masiku 14 okha, wogulitsa wolonjeza miyezi itatu akusenza yekha masiku onse otsalawo. Akhoza kutero ngati waikapo kangachepe pamtengo, ndipo wolimba mtima chotere amapeza makasitomala obwerera. Koma achite akudziwa. Za kupsa kwa katundu magetsi akabwera mwamphamvu atathima ndi zovuta, chifukwa poyang'ana kunja n'kovuta kusiyanitsa tchaja yopsa ndi magetsi ndi yofa yokha. Ndi bwino kugwirizana za mfundo imeneyi pogula osati podzabweza.

Chikwangwani chija chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa sichiteteza aliyense. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC lakhala likuchenjeza kuti kukana udindo pa katundu wowonongeka n'kuphwanya malamulo, ndipo kunena kuti chinthu ndi "orijino" chili chongofanizira ndi kunamiza wogula. Tchaja yosakhala ya kampani yeniyeni ikhoza kugulitsidwa, bola itchulidwe chimene ili ndipo mtengo wake ugwirizane nazo.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, uthenga wolengeza tchaja imodzi ukhoza kumveka chonchi: Tchaja ya Dell, yogwiritsidwapo kale ntchito, 19.5V 3.34A 65W, kamutu kakakulu ka 7.4. Yayesedwa pa Latitude E7450 ndipo ikudzadza batire. Siyoyenera HP. Chingwe cha pakhoma cha mano atatu a makona chilipo pa mtengo womwewo. Waranti ya pashopu masiku 30, kusintha kapena kubweza ndalama, mubwere ndi lisiti. Mawu akuti "yayesedwa pa" ndi abwino kuposa akuti "imagwira pa Dell zonse", chifukwa oyambawo wogulitsa angathe kuwaikira umboni.

Lisiti libwereze zomwezo, pamodzi ndi tsiku, modelo ya makina a wogula ndi nambala ya katunduyo. Pa foni nambala yake ndi IMEI, yomwe imatuluka pakuimba `*#06#`, ndipo ifanane ndi ya pabokosi. Pa tchaja pamakhala nambala yaitali pafupi ndi timizere takuda pa pepala lake. Ngati yafufutika, kasitika kosainidwa ndi wogulitsa kokhala ndi tsiku kamakwanira. Izi zimateteza wogulitsanso, pakuti alipo makasitomala amene amagula tchaja yabwino n'kudzabweza yawo yakale yakufa, ndipo matchaja akuda onse amafanana. Kabuku ka malisiti kokhala ndi kaboni kamasiya kope m'manja mwa wogulitsa, ndipo pa katundu wotumizidwa pa minibasi, chithunzi cha lisiti ndi cha katunduyo ali pambali pake zitumizidwe kwa wogula phukusi lisanamangidwe.