Kumasulira kabuku ka sola: batire kaye, panelo pambuyo

FUNSO

Akonzi, ndimagulitsa zipangizo za sola pa msika wina ku Mchinji. Timabuku tobwera m'makatoni timakhala ta Chingerezi, ndiye ndinamasulira tsamba la kalumikizidwe kuti ndizipatsa makasitomala. Nditam'patsa mphwanga kuti ayese, anayamba kulumikiza panelo m'malo moyamba ndi batire, kenako n'kundifunsa kuti ndikamati "sola" ndikunena chiti. Chingerezi ndimachimva ndithu. Nanga ndikuphonya pati?

Wowerenga wa ku Mchinji

YANKHO

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Mphwanuyo sanalakwe: anachita zimene anamva poyamba. Timabuku ta Chingerezi timakonda kuika ntchito ziwiri m'chiganizo chimodzi, yomaliza n'kukhala kutsogolo. Mukatsata mmene achilembera, mulemba kuti "Lumikizani panelo mutalumikiza batire." Chichewa chake n'cholondola, koma taganizirani munthu amene wagwada pansi, sikuludiraiva ili m'manja, mwana akumuwerengera pepala. Akangomva kuti "lumikizani panelo" dzanja lapita kale, mawu otsalawo amufika atamanga waya. Komanso "mutalumikiza" ndi "musanalumikize" sachedwa kusokonezeka m'khutu, chonsecho ndi otsutsana.

Apa si nkhani ya kukoma kwa chilankhulo ayi. Kabokosi kowongolera magetsi, kamene ambiri amati kontirola, kamadalira batire kuti kayake, ndipo timabokosi tambiri timadzizindikirira tokha ngati batire ndi la 12V kapena la 24V pa nthawi imene mwalilumikiza. Panelo yotchajira batire la 12V ikakhala padzuwa yosalumikizidwa kulikonse imatha kupitirira mavoti 20. Ikayamba ndiyo kulowa, kabokosi kangaganize kuti zonse ndi za 24V, ndiye kamaona batire lodzaza ngati lakutha n'kukana kuyatsa mababu. Timabokosi tina timawonongeka kumene.

Choncho phwanyani chiganizocho. Mzere uliwonse ukhale ndi nambala yake ndi ntchito imodzi yokha, ndipo mizereyo itsatane monga mmene manja adzagwirire:

1. Lumikizani batire ku kabokosi, pamene pali chithunzi cha batire.
2. Dikirani kabokosi kayake, muone ngati kakuonetsa 12V.
3. Lumikizani panelo ku kabokosi, pamene alembapo PV.
4. Lumikizani mababu ku kabokosi, pamene alembapo LOAD.

Chenjezo lizibwera pamwamba pa mzere umene likukhudza. Mawu oti waya wa + asapite kumene kuli − akalembedwa pansi pa tsamba, munthu adzawawerenga fyuzi itapsa kale. Malangizo omasula zipangizo muwalembenso onse m'mizere yakeyake, kuyambira kuchotsa panelo mpaka kumalizira batire. Kungoti "bwererani chammbuyo" n'kumusiyira munthu ntchito imene inali yanu.

Tsono za mayina. Kwathu kuno "sola" ndi chilichonse: chimbale cha padenga, zipangizo zonse pamodzi, ngakhale magetsi enieniwo. Pocheza zilibe kanthu, koma m'kabuku mawuwa muwasiye pa mutu pokha. Musanayambe kumasulira, yalani zipangizo patebulo, chilichonse muchipatse dzina limodzi, ndipo mulembe mayinawo pa chithunzi cha patsamba loyamba. Sankhani dzina limene makasitomala anu amatchula akabwera kudzagula, osati lopeka nokha usiku. Mukasankha "kabokosi", kakhale kabokosi mpaka tsamba lomaliza. Kusukulu anatiphunzitsa kuti kubwereza mawu ndi ulesi, koma apa mukati kabokosi pa nambala 1, kontirola pa nambala 3, makina pa nambala 4, wowerenga ayamba kufunafuna zinthu zitatu m'katoni. Pewaninso timawu ta "ichi" ndi "chimenecho" pamene patebulo pali zinthu zingapo. Tchulani dzina ngakhale likutopetsani.

Zolembedwa pa chipangizo penipeni, monga PV, LOAD, + ndi −, musazimasulire, chifukwa munthu adzazifuna ndi maso pa kabokosipo. Muzikopere mmene zilili, n'kufotokoza pambali kuti PV ndi polowera waya wa panelo. Onetsetsani pa kabokosi kamene mukugulitsa, poti makampani salemba mofanana, ena amangojambula tizithunzi. Za mtundu wa waya, musalembe kuti wofiira ndi wa + musanatsegule katoni n'kuona kuti alidi wofiira.

Mukamaliza, pezani munthu wina amene sanalumikizepo sola, osati mphwanu uja, poti iye wadziwa kale. Panelo muiphimbe, batire mulichotse fyuzi, n'kumuuziratu kuti pa nambala 2 kabokosi sikayaka, wina aziwerenga mokweza, inu mukhale chete n'kumayang'ana manja a wolumikizayo. Pamene adzaime n'kufunsa kuti "chiti?", chongani mzerewo mukaulembenso. Musasindikize mapepala ambiri asanadutse mizere yonse osakufunsani kanthu.