Bokosi la Chithandizo Choyamba: Litsegulenitu Magazi Asanatuluke

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala ndinakwera minibasi kuchoka pa boma la Chadiza kupita ku Chipata. Titayenda pafupifupi ola limodzi, tayala lakutsogolo linaphulika, galimoto nkutsetserekera mu ngalande. Palibe amene anamwalira, koma galasi la pazenera linasweka ndipo linacheka mayi wina pamkono, m'munsi mwa chigongono. Magazi ankangochucha mpaka pa chitenje.

"Achimwene, bokosi lija lili kuti?" ndinafunsa kondakitala.

Mnyamatayo analisolola pansi pa mpando wa dalaivala, pafupi ndi injini, lili mbuu ndi fumbi. Magolovesi anali atamatana, ndipo nditakoka limodzi linang'ambika ngati tsamba louma. Pulasitala sanamate. Botolo la spiriti linali louma. Munalinso thonje lothimbirira ndi mapiritsi angapo m'kapepala kopanda dzina. Chimene chinapulumutsa mayiyo ndi chitenje choyera cha agogo ena amene anachimasula m'thumba mwawo nati, "Mwananga, ng'amba ichi umange." Tinapinda chidutswa, ndinachikanikiza pabala ndi dzanja lovala jumbo, ndipo magazi analeka tisanapeze galimoto ina yotinyamula.

Mwini minibasiyo sananame ponena kuti galimoto yake ili ndi bokosi. Linalipo. Koma bokosi logulira kuonetsa apolisi ndi a RTSA pa msewu ndi losiyana ndi bokosi loti lithandize munthu. Kuchoka ku Chadiza kukafika ku Chipata ndi makilomita opitirira 70, ndipo wovulala pakati pa ulendowu amadikira nthawi yaitali asanaone namwino. Ntchito yaikulu ya bokosi la m'minibasi ndi imodzi: kuletsa magazi ndi kuphimba bala mpaka munthu akafike ku chipatala. Mukagwira mfundo imeneyi, kusankha zoikamo sikuvuta.

Yambani ndi bokosi lenilenilo. Likhale la pulasitiki yolimba, lotseka bwino kuti fumbi la misewu yathu lisalowe, ndipo lisakhale ndi loko. Mu Hayesi injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, choncho pamenepo ndi pa ng'anjo. Pa dashibodi ndiye poipa kwambiri. Liikeni pansi pa mpando wapakati, pomwe kondakitala angalifikire popanda kutsitsa matumba a mtedza ndi soya.

Pa minibasi ya anthu 15 kapena kupitirira pang'ono, ine ndimalangiza magolovesi mapeya 10, chifukwa pa ngozi ovulala sakhala mmodzi, ndipo simugwira magazi a anthu awiri ndi golovesi limodzi. Gozi wotsekedwa m'mapaketi ake, wa masentimita 10 mbali zonse, akhale mapaketi 20. Ena amadabwa ndi nambalayi, koma bala limodzi lakuya limamwa mapaketi 5 kapena 6 mosavuta. Onjezani mabandeji otanuka 4, mipukutu 2 ya pulasitala womatira gozi, timapulasitala 20 ta mabala aang'ono, sizasi imodzi yakuthwa yodulira nsalu, mapini 10, sopo mmodzi, tochi, majumbo 5 otayiramo zamagazi, ndi chigubu cha malita 5 cha madzi oyera chimene si cha rediyeta.

Nsalu zamakona atatu zokolekera mkono wothyoka musavutike kuzifuna mu famase. Gulani chitenje chatsopano cha mamita 2, muchichape, muchisite. Chiduleni pakati, kenako chidutswa chilichonse muchidule mopingasa kuchoka pa kona kukafika pa kona. Mwapeza nsalu 4. Iliyonse muipinde ndi kuimangira m'jumbo yakeyake. Nsalu imeneyi imakoleka mkono, imamanga mwendo ku thabwa, ndipo ikapindidwa mochindikala imakanikiza bala.

Thonje ndaliika dala kunja. Ulusi wake umakakamira m'bala ndipo anamwino amavutika kuuchotsa. Spiriti nayenso si wothira m'bala lotseguka, chifukwa amawotcha mnofu. Bala la fumbi limatsukidwa ndi madzi oyera ambiri, sopo nkupaka m'mphepete mwake.

Zipangizozi zikhale ndi munthu wodziwa kuzigwira. Valani magolovesi, ikani gozi pabala, kanikizani mwamphamvu kwa mphindi 10 osasuzumira. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amatukula gozi mphindi iliyonse kuti aone ngati magazi aleka, ndipo potero amachotsa magazi amene anayamba kuundana. Gozi akanyowa, sanjikizani wina pamwamba, woyambayo musamuchotse. Mukamanga bandeji yang'anani zala. Zikazizira, zikachita dzanzi kapena zikhadabo zikasintha mtundu, mwamanga kwambiri, masulani pang'ono. Galasi kapena chitsulo chikazikika m'thupi musachizule. Ikani gozi mbali zonse ziwiri ndipo mumange mochizungulira. Bungwe la Zambia Red Cross Society limaphunzitsa zimenezi, ndipo eni maminibasi angachite bwino kutumizako makondakitala awo.

Nanga mapiritsi? M'minibasi ine ndimati ayi. Kondakitala sadziwa matenda a munthu amene wakwera pa siteji, ndipo wovulala kwambiri sayenera kumwa kapena kudya kanthu chifukwa mwina akafuna opaleshoni. Komanso mankhwala ambiri amalembedwa kuti asungidwe posapitirira madigiri 25 kapena 30, pamene galimoto yoima padzuwa mu Okutobala imatentha kuposa pamenepo.

Bokosi la pakhomo ndiye limasiyana pamenepa. Za mabala mungachepetse ndi theka: magolovesi mapeya 5, gozi mapaketi 10, mabandeji 2, nsalu 2. Koma muonjezere choyezera kutentha kwa thupi, Panado wa mamiligalamu 500 mapiritsi 20 ali m'kapepala kake ka fakitale, ndi mapaketi 10 a ORS, amene makolo athu kuno ankawatcha madzi a moyo. Munthu wamkulu amamwa Panado awiri nthawi imodzi, nkudikira maola osachepera 4, ndipo asapitirire mapiritsi 8 pa maola 24. Mlingo wa mwana umatengera msinkhu ndi kulemera kwake, choncho funsani ku kiliniki ndipo muulembe pa chivundikiro. Asipulini musapatse mwana wosakwana zaka 16. Paketi ya ORS imasungunulidwa m'madzi owiritsa kapena othira kolorini malinga ndi mmene alembera, kawirikawiri lita imodzi, ndipo otsala amatayidwa pakatha maola 24. Kolera imene inayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 inatikumbutsa kuti kutsegula m'mimba kumatha munthu madzi msanga, ndipo mapaketiwa ayenera kukhala m'nyumba mvula isanagwe.

Chimene ndimapeza m'nyumba zambiri, ndipo chimandidetsa nkhawa, ndi zotsalira: Kowatemu amene mwana sanamalize, makapisozi a chaka chatha, madontho a m'maso amene anatsegulidwa kalekale. Izi si za m'bokosi. Thupi likatentha, pitani mukayezetse malungo ku kiliniki kapena kwa wazaumoyo wa m'mudzi. Ndipo mwana akapsa ndi phala kapena madzi otentha, mankhwala ake oyamba ndi madzi ozizira oyenda pabalapo kwa mphindi 20. Musapake mazira, mafuta ophikira kapena mankhwala otsukira mano.

Tsopano kuyendera kwa mwezi ndi mwezi, kumene kukanapulumutsa bokosi lija la m'ngalande. Sankhani tsiku losaiwalika, monga la 1 mwezi uliwonse, ndipo ntchitoyi ikhale ya munthu mmodzi wodziwika. Ikakhala ya aliyense, dalaivala amayesa kondakitala waona, kondakitala nayenso amayesa abwana aona. Matani pepala m'kati mwa chivundikiro, lolembedwa dzina la chinthu, nambala yake ndi tsiku lothera ntchito. Khuthulani zonse pa nsalu yoyera, muwerenge chimodzichimodzi.

Pa paketi pamakhala madeti awiri ndipo anthu amawasokoneza. `MFG` ndi pamene chinthucho chinapangidwa, `EXP` ndi pamene chithere ntchito. Pa mapaketi a gozi ndi magolovesi nthawi zina salemba `EXP`, amangojambula kachizindikiro kooneka ngati mtondo, kopyapyala pakati, deti nkukhala pambali pake.

Tiyerekeze kuti mukuyendera pa 1 Okutobala 2025. Gozi walembedwa `EXP 09/2025`. Pakalembedwa mwezi ndi chaka chokha, chinthucho chimagwira ntchito mpaka tsiku lomaliza la mweziwo, choncho goziyu anatha dzulo, pa 30 Sepitembala. Mutulutseni. Angathandize pophunzitsira kondakitala kumanga bala, koma osati pabala lenileni. ORS walembedwa `EXP 12/2025`: akadali bwino, koma watsala ndi miyezi 3, ndiye mulembe chizindikiro ndi kugula wina musanafike Disembala, pamene mvula imakhala itavuta misewu. Panado walembedwa `MFG 02/2024` ndi `EXP 01/2027`: musamutaye poona 2024. Pomaliza mwawerenga mabandeji mwapeza 3 m'malo mwa 4, chifukwa wina anamangira payipi yodontha. Bwezeretsani tsiku lomwelo.

Deti lokha silikwanira, pakuti kuno kutentha ndi fumbi zimawononga zinthu deti lisanakwane. Tengani golovesi limodzi mulikoke ndi kuliuzira mpweya. Likamata m'manja, likang'ambika kapena kuphwa, onsewo ngokayikitsa. Dulani kachidutswa ka pulasitala mumate kuseri kwa dzanja, muone ngati kakugwira. Paketi ya gozi yobooka, yonyowapo kapena yolowa fumbi yatha ntchito ngakhale deti lili kutali. Paketi ya ORS muigwedeze pafupi ndi khutu: yabwino imalira ngati mchenga wouma, pamene youndana yalowa chinyezi. Piritsi lofumbutuka kapena losintha mtundu lichotseni. Yatsani tochi, yesani sizasi pa kansalu, khuthulani madzi a m'chigubu ndi kuthiramo atsopano. Zonsezi sizitenga mphindi 15.

Mankhwala otha ntchito musawaponye kudzala kumene ana amatolako zoseweretsa. Amangeni m'jumbo mukawasiye ku kiliniki kapena ku famase. Pogula atsopano, gulani m'sitolo yovomerezeka ndi ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, osati pa thebulo la pa msika pomwe mapiritsi amakhala padzuwa tsiku lonse. Werengani `EXP` musanapereke ndalama, ndipo chotsala ndi miyezi yosakwana 12 muchikane. Pa pepala lija la m'chivundikiro lembaninso manambala a foni a kiliniki yapafupi, a chipatala cha boma cha Chadiza, ndi a munthu wa galimoto amene angadzuke usiku.

Inu eni maminibasi, ndalama yodzazira bokosi ichoke m'thumba lanu monga imachokera ya matayala ndi oyilo, osati pa malipiro a kondakitala. Ndipo inu a dalaivala, mawa musanaimike galimoto pa siteji, sololani bokosilo, mulitsegule, mukoke golovesi limodzi.