Makalata a omvera: Shuga ikatsika mutabaya insulini

Bambo amene mwalemba kuchokera ku Cape Town, zikomo. Mukuti kuchipatala akupezani ndi matenda a shuga, akupatsani insulini ndi kamakina koyezera magazi, koma manambala ake akukuzunguzani.

Kamakina ka kuno ku South Africa kamawerenga mu mmol/L. Musanadye, ambiri amafunika kukhala pakati pa 4 ndi 7. Pakatha maola awiri mutadya, pansi pa 10. Koma nambala yoti muiope kwambiri ndi yotsika pansi pa 4, chifukwa insulini ikalowa m'thupi siyembekeza kuti nsima ipse. Ngati yanu ndi Actraphane, imabayidwa mphindi 30 musanadye. Tiyerekeze mwabaya 6 koloko m'mawa, mwathamangira sitima osadya, ndipo pofika 9 koloko mukunjenjemera, thukuta lili kamukamu, kamakina kakuti 3.4. Pamenepo sungunulani masupuni aang'ono atatu a shuga m'madzi, imwani, muyezenso pakatha mphindi 15. Ikakwera, idyani buledi.

Mwina mukuti, "Wodwala shuga amwe bwanji shuga?" Bambo, shuga yokwera imawononga maso ndi impso pang'onopang'ono, pomwe yotsika imakomola munthu tsiku lomwelo. Ena amaleka kubaya poopa zimenezi. Kumenekonso n'kudzipweteka, pakuti vuto linali kusadya, osati mankhwala.

Chonde, musasinthe mlingo panokha. Lembani nambala iliyonse, nthawi yake ndi chimene munadya, mukawaonetse anamwino kukiliniki kwanu.