Domeni, hositing'i ndi chomangira webusaiti: zinthu zitatu zimene ambiri amaziyesa chimodzi

Munthu akafuna webusaiti ya bizinesi yake, nthawi zambiri amapita kwa katswiri wa makompyuta, n'kulipira ndalama kamodzi, n'kumayesa kuti watha nazo. Chaka chikatha, tsamba limangozima. Akafunsa, amauzidwa kuti domeni yatha nthawi, kapena hositing'i sinalipiridwe, mawu amene iye sanawamvepo. Chimene sanauzidwe poyamba n'chakuti webusaiti imaima pa zinthu zitatu zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi ntchito yake, komanso china chimatha kukhala ndi mtengo wake ndi tsiku lake lothera.

Zili ngati golosale ya pamsika. Pali dzina lolembedwa pachikwangwani, pali chipinda cha lendi mosungira katundu, ndiye pali zida za kalipentala zokhomera mashelefu. Dzina ndilo domeni, chipinda ndicho hositing'i, zida ndizo chomangira webusaiti.

Domeni: dzina lobwereka

Domeni ndi dzina limene anthu amalemba pafoni kapena pakompyuta kuti afike patsamba, monga wikipedia.org. Kachigawo kakumapeto kamasonyeza banja la dzinalo: .mw ndi ya Malawi, .zm ya Zambia, .mz ya Mozambique, pomwe .com ndi .org aliyense angalembetse, kulikonse kumene ali. Dzina loyamba la .com, symbolics.com, linalembetsedwa mu 1985.

Dzinali siligulidwa kwamuyaya. Munthu amalilembetsa kudzera ku kampani yovomerezeka, monga Namecheap kapena GoDaddy, kwa chaka chimodzi kapena zingapo, pa.com malire ndi zaka 10 nthawi imodzi. Mtengo wa .com umakhala cha pakati pa madola 10 ndi 20 a ku America pachaka, ndipo nthawi zambiri wa chaka choyamba amautsitsa dala, wa chaka chachiwiri n'kukwera. Choncho pofunika kuyang'anitsitsa ndi pa mtengo wolipiranso.

Domeni payokha ilibe chithunzi kapena mawu alionse. Ntchito yake ndi kulozera basi.

Hositing'i: kumene tsamba limakhala

Zithunzi, mawu ndi mitengo ya katundu zimafunika kusungidwa pakompyuta imene sizima usana ndi usiku, yolumikizidwa ku intaneti nthawi zonse. Kompyuta yotere ndiyo seva, ndipo kubwereka malo pa seva ndiko hositing'i. Amalipira pamwezi kapena pachaka. Woyamba kumene amakwanitsidwa ndi hositing'i yogawana, momwe masamba ambirimbiri amakhala pa seva imodzi. Ndi yotchipa, koma tsamba limatha kuchedwa kutseguka ngati anzake a pa seva yomweyo achulukidwa alendo.

Seva iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo dongosolo lotchedwa DNS ndilo limalumikiza dzina ndi nambalayo. Popanda kulumikizaku, munthu angathe kulipira domeni ndi hositing'i zonse ziwiri, tsamba osaoneka.

Chomangira webusaiti: chida chokonzera masamba

Chomangira ndi pulogalamu imene imalola munthu wosadziwa kulemba malamulo a kompyuta kuti asankhe maonekedwe, aike zithunzi ndi kulemba mawu. Zilipo za mitundu iwiri, ndipo chisokonezo chachikulu chimayambira pamenepa.

Wix ndi Squarespace zimabwera ndi hositing'i yake kale. Munthu amalipira kumodzi ndipo sakhudzana ndi za seva. Kuipa kwake n'kwakuti tsamba lomangidwa pa Wix silingasamutsidwe lathunthu kupita ku kampani ina: wofuna kuchoka amayambanso kumanga. Ndipo wogwiritsa ntchito Wix yaulere sakhala ndi dzina lakelake, keyala yake imakhala ndi mawu akuti wixsite.com.

WordPress, imene inayamba mu 2003, ndi pulogalamu yaulere yopezeka pa wordpress.org, koma imafuna kuti mwiniwake apeze yekha hositing'i. Imafunanso chisamaliro, monga kuika zosintha zatsopano ndi kusunga kope la tsamba. Ubwino wake ndi wakuti tsamba lonse lingathe kunyamulidwa kupita ku seva ina. Isasokonezedwe ndi wordpress.com, kumene hositing'i imabwera pamodzi ndi pulogalamuyo.

Chitsanzo: gulu la alimi a njuchi

Tiyerekeze gulu la alimi a njuchi ku Nkhata Bay limene likufuna kuti ogula a ku Lilongwe aziona uchi wake ndi mitengo. Choyamba, mlembi wa gulu amatsegula akaunti ku kampani yolembetsa madomeni, pogwiritsa ntchito imelo ya gulu, osati ya mnyamata amene akuwathandiza. Amafufuza ngati dzina limene akufuna lilibe mwini, n'kulipira chaka chimodzi. Popeza makampani akunja amafuna khadi ya kubanki yolipirira mu madola, gulu lopanda khadi yotere lingasankhe kampani ya m'dziko muno yolandira makwacha.

Chachiwiri, amalipira hositing'i yogawana. Kampaniyo imatumiza imelo yokhala ndi nambala ya seva. Chachitatu, mlembi amabwerera ku akaunti ya domeni, pagawo lolembedwa DNS, n'kuika mzere wonga uwu:

```
@    A    203.0.113.10
```

Chizindikiro cha @ chikuimira dzina la gululo, A ikutanthauza kuti chotsatiracho ndi nambala ya seva, ndipo nambalayo apa ndi yongoyerekeza. Kusinthaku kumatha kugwira m'mphindi zochepa, koma nthawi zina kumatenga mpaka maola 48 kuti kufike paliponse. Pomaliza amaika WordPress, amayatsa chiphaso cha chitetezo chimene chimapangitsa keyala kuyamba ndi https, chomwe makampani ambiri amapereka kwaulere kudzera ku Let's Encrypt, kenako n'kuika zithunzi za uchi ndi nambala ya foni.

Gululi likadasankha Wix yolipira, sitepe ya hositing'i sikadakhalapo, koma domeni ikadafunikabe.

Tsamba likazima, vuto lili pati?

Uthenga wa pasikirini ndiwo umaulula. Chrome ikalemba DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN, ndiye kuti dzina silikupezeka: mwina lalembedwa molakwika, domeni yatha nthawi, kapena DNS sinakonzedwe bwino. Pakaoneka mawu akuti Account Suspended, dzina lili bwino koma kampani ya hositing'i yatseka malo, kawirikawiri chifukwa cha ngongole. Tsamba likatseguka koma zithunzi ndi mawu zili balala, vuto limakhala m'chomangira.

Mwa zonsezi, chopweteka kwambiri ndi kutaya domeni. Tsamba lingamangidwenso, hositing'i ingasinthidwe, koma dzina limene lasindikizidwa kale pa mabotolo a uchi likapita kwa wina, ogula amakafika kwa mlendo, ndipo maimelo a dzinalo nawo amaleka kufika. Domeni ya .com ikatha nthawi, mwini amapatsidwa masiku oti alipirenso. Akadutsa, pamabwera masiku 30 oiwombola pa mtengo wokwera kwambiri, kenako masiku 5, dzinalo n'kumasulidwa kuti aliyense alitenge.

Choncho asanapereke ndalama kwa katswiri aliyense, mwini bizinesi afunse kuti domeni ilembetsedwa m'dzina la yani, hositing'i ili ku kampani iti, ndipo tsamba limangidwa ndi chida chanji. Alandire yekha dzina lolowera ndi pasiwedi ya akaunti iliyonse, ndipo alembe m'buku la bizinesi tsiku limene domeni ndi hositing'i zidzathere, kuti azilipira kutatsala mwezi umodzi.